Kalata yoitanira msonkhano waukulu wapachaka wa gulu losunga ndalama: kworamu ndi kuvota kudzera mwa mnzako

Mwezi wa Novembala ukangoyamba, alembi anzanga a m'magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama amayamba kundiimbira. Mafunso ake ndi omwewo chaka ndi chaka. Kalata yoitanira msonkhano waukulu tiilembe bwanji? Tikhalepo angati kuti tiyambe? Nanga membala amene ali ku Joni kapena wagonekedwa m'chipatala, voti yake ingoonongeka? Ndayankha pafoni kambirimbiri, ndiye ndaganiza zongolemba kamodzi kuti aliyense aziwerenga ali phee, cholembera chili m'manja.

Ndikulankhula makamaka ndi inu a m'magulu amene anakula kupitirira banki m'khonde wamba. Banki m'khonde ya anthu 15 kapena 25 okhala mudzi umodzi, okumana sabata iliyonse pa bokosi la maloko atatu, sisowa kalata yaitali, chifukwa amangouzana pamsonkhano kuti tsiku logawana ndi lakuti. Koma gulu likafika anthu 40 kapena kuposa, ena aphunzitsi amene anasamutsidwa, ena amalonda oyendayenda, ena otumiza masheya awo pa Mpamba kapena Airtel Money ali kutali, kuuzana pakamwa sikukwaniranso. Apa m'pamene kalata imafunika, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuthetseratu mikangano iwiri tsiku lisanafike: anthu okwanira kuti msonkhano uchitike, amene timati kworamu, ndi angati, ndipo ndani ali ndi ufulu wovotera mnzake. Zinthu ziwirizi zikasiyidwa kuti zikambidwe m'chipinda anthu atakhala kale pansi, aliyense amayang'ana amene abwera n'kusankha yankho lomukomera.

Ngati gulu lanu ndi SACCO yolembetsedwa, dziwani kuti muli pansi pa lamulo la 2011 la makopaletivi azachuma, ndipo amakuyang'anirani ndi a Reserve Bank of Malawi. Malamulo anu olembetsedwa ndiwo ayenera kutsatidwa kuposa zimene ndalemba pano, ndipo ngati muli mamembala a MUSCCO mukhoza kufunsa kumeneko. Malangizowa ndi a gulu lodziyendetsa lokha ndi malamulo amene linagwirizana.

1. Tsegulani malamulo a gulu musanalembe chilichonse

Musayambe ndi kalata ya chaka chatha, chifukwa zolakwika za chaka chatha mudzazikoperanso. Tengani buku la malamulo a gulu, amene ena amati konsitichushoni, ndipo mupezemo mayankho a mafunso awa: kalata ifike kwa mamembala patatsala masiku angati, kworamu ndi gawo lanji la mamembala, kuvota kudzera mwa mnzako n'kololedwa kapena ayi, ndipo chimachitika n'chiyani anthu akapanda kukwana. Lembani nambala ya ndime iliyonse pambali, chifukwa mudzaitchula m'kalatamo.

Mukapeza kuti malamulo anu sanena kanthu za kutuma mnzako, musalole chaka chino. Komiti ilibe mphamvu yoyambitsa ufulu umene malamulo sanapereke, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Chimene mungachite ndi kuika nkhaniyo pa mndandanda wa zokambirana kuti mamembala asinthe malamulo, n'kudzayamba kuigwiritsa ntchito chaka chamawa.

2. Werengerani masiku chobwerera m'mbuyo

Tinene kuti malamulo anu amati kalata ifike patatsala masiku 21, ndipo msonkhano mwauika Loweruka pa 12 Disembala 2026. Ambiri amachotsa 21 pa tsikulo n'kupeza 21 Novembala. Njira yosabweretsa madandaulo ndi kusawerengera tsiku lotumiza kalata komanso tsiku la msonkhano. Masiku athunthu 21 ndi kuyambira 21 Novembala mpaka 11 Disembala, choncho kalata iyenera kukhala itafika pofika Lachisanu pa 20 Novembala. Ine ndimatumiza patatsala masiku ena awiri kapena atatu pamwamba pake.

Kuika chithunzi cha kalata pa gulu la WhatsApp n'kwabwino, koma musalekere pomwepo. M'gulu lililonse muli anthu a foni zamabatani, ndi ena amene amatha milungu alibe bando. Amenewa apatseni pepala m'manja ndipo asaine kapena adinde chala pa mndandanda wosonyeza tsiku limene alandira. Membala mmodzi yekha amene angaonetse kuti sanaitanidwe akhoza kukana zonse zimene mwagwirizana, ndipo amakhala akunena zoona.

3. Konzani kaundula wa oyenera kuvota

Apa m'pamene ambiri amadumpha, koma kworamu yonse imachokera pano. Kworamu ndi chiwerengero chochepetsetsa cha mamembala amene ayenera kupezeka kuti zogwirizana pamsonkhano zimange gulu lonse, kuphatikizapo amene sanabwere. Malamulo amainena ngati gawo, monga "magawo awiri mwa atatu" kapena "oposa theka". Funso limene silifunsidwa ndi lakuti: gawo la anthu ati?

Titenge gulu limene m'buku lake muli maina 47. Mlembi ndi msungichuma akhala pansi ndi buku la masheya n'kuyamba kuona dzina lililonse. Membala mmodzi anamwalira mu Julaye, ndipo ndalama zake zikudikira wolowa m'malo amene analembetsa. Awiri anatuluka m'gulu n'kulandira zawo, koma maina awo sanafufutidwe. Atsala 44. Malamulo a gululi amanenanso kuti amene watha miyezi itatu osagula sheya kapena osabweza ngongole amaimitsidwa kuvota mpaka atalipira, ndipo oterowo alipo atatu. Oyenera kuvota ndi 41.

Tsopano magawo awiri mwa atatu a 41: chulukitsani 41 ndi 2, mupeza 82, gawani ndi 3, mupeza 27 ndi kotsalira. Munthu sagawika, ndiye kotsalirako kamakweza nambala kufika pa 28. Musatsitse kunena kuti 27, chifukwa anthu 27 sanafike pa magawo awiri mwa atatu. Mukanawerengera maina onse 47, mukanapeza 32, ndipo mukanabweza anthu kunyumba chifukwa chodikira munthu amene anamwalira ndi ena amene anachoka kale.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba, musachotse munthu pa mndandanda wa ovota chifukwa cha ngongole ngati malamulo anu sanena zimenezo. Kukhala ndi ngongole si mlandu m'gulu lobwereketsana, pajatu chiwongoladzanja chimene timagawana chimachokera kwa obwereka omwewo. Chachiwiri, ikani tsiku lotsekera kaundula ndipo mulitchule m'kalata, mwachitsanzo Loweruka pa 5 Disembala. Amene walipira zotsalira zake pofika tsikuli abwezeretsedwe pa mndandanda. Popanda tsikuli mudzaona munthu akutulutsa ndalama m'thumba pakhomo la msonkhano kuti avote, ndipo nthawi zina ndalamazo wamupatsa ndi amene akufuna mpando. Wina akalipira lisanafike tsiku lotsekera, nambala ya ovota isintha, ndiye muwerengerenso kworamu n'kulengeza nambala yomaliza tsiku lotsatira.

Kumbukiraninso kuti kworamu imawerenga anthu, osati masheya. M'magulu athu, monganso m'makopaletivi, membala mmodzi ali ndi voti imodzi. Wa masheya 200 ndi wa masheya 12 amalemera mofanana pa nkhani iyi.

4. Sankhani mawu a kalata okhudza kutuma mnzako

Kuvota kudzera mwa mnzako, kumene ena amati pulokisi, n'kumene membala amene sangathe kubwera amalemba chikalata chopatsa munthu wina mphamvu yomuvotera pa msonkhano umodzi wokhawo. Wolemba chikalatayo timutche wotuma, wonyamula timutche wotumidwa. N'chinthu chothandiza kwambiri kwa mayi amene wangobereka kumene kapena bambo amene ali ku Joni koma masheya amagula mwezi uliwonse. Ndi khomonso limene anthu ochenjera amalowera polanda gulu, choncho ndikhalitsapo pang'ono.

Chaka china m'gulu limene ndinkathandiza, tinali tisanaike malire a zikalata. Tsiku la chisankho bambo wina amene ankapikisana pa mpando wa msungichuma anatulutsa envulopu yakhaki m'jekete, n'kuyala mapepala 11 patebulo, onse olembedwa ndi dzanja limodzi, kusiyana siginecha yokha. Anali atazungulira m'makomo sabata yonse akuuza anthu kuti asavutike ndi thiransipoti, iye akawaimira. Malamulo athu sankaletsa, ndiye tinawerenga mavotiwo ndipo anapambana. Patapita milungu iwiri, amayi atatu mwa amene anasaina anabwera kudzanena kuti ankaganiza kuti akusainira kupepesa kusabwera. Zinatitengera miyezi kuti anthu ayambenso kukhulupirirana, ndipo mamembala ena abwino anachoka. Zimene ndikulemba m'munsimu ndinaziphunzira pa tsiku limenelo.

Kalata inene momveka kuti wotumidwa ayenera kukhala membala amene nayenso ali ndi ufulu wovota. Mwamuna wa membala, mwana wake kapena mlamu wake amene sali m'gulu asaloledwe, chifukwa pamsonkhano pamawerengedwa ngongole za anthu ndi maina awo, ndipo izi si za akunja. Inenenso kuti munthu mmodzi anganyamule zikalata zingati. Ine ndimalimbikitsa ziwiri basi. Ndi malire amenewa palibe amene angakhale ndi mavoti oposa atatu, yake ndi za anzake awiri. Ngati malamulo anu akulola, onjezani kuti amene akupikisana pa udindo asanyamule chikalata cha munthu pa chisankho cha udindowo, ndiponso msungichuma asanyamule pa voti yovomereza lipoti lake la ndalama.

Pali mitundu iwiri ya chikalata, ndipo mamembala ambiri sadziwa kusiyana kwake. China chimamusiyira wotumidwa kuti avote mmene waonera. China chimamuuziratu kuti pa mfundo yakuti uvomereze, pa yakuti ukane. Chachiwirichi n'chimene chimateteza wotuma, ndipo n'chifukwa chake mfundo zonse zovoteredwa ziyenera kulembedwa m'kalata ndi manambala. Munthu amene ali kutali sangalangize mnzake pa nkhani imene sanaione. Wapampando poitanitsa mavoti aziwerenga yekha zimene zalembedwa pa zikalata zolangizazi, osadalira dzanja la wotumidwa.

Zikalata zifike kwa mlembi msonkhano usanachitike, osati pakhomo. Maola 48 ndi okwanira, ndiye pa msonkhano wa Loweruka 9 koloko m'mawa, malire ndi Lachinayi pa 10 Disembala 9 koloko m'mawa. Masiku awiriwo ndi oti inu mlembi muimbire wotuma aliyense pa nambala imene ili m'kaundula, n'kumufunsa kuti, "Mayi, chikalatachi mwalemba ndinu? Mukudziwa kuti mwapereka voti yanu kwa uje?" Kwa amene ali kunja, lolani chithunzi cha chikalata chosainidwa, koma chichokere pa nambala yake yomwe gulu limaidziwa, molunjika kwa inu, osadzera kwa wotumidwa. Kwa amene salemba, adinde chala pamaso pa mboni imene si wotumidwayo, ndipo mboniyo imuwerengere kaye zimene zili papepala.

Chomaliza pa mfundoyi: wotuma akabwera yekha pamsonkhano, chikalata chake chafa pomwepo, ndipo avota yekha. Akalemba zikalata ziwiri kwa anthu awiri, chimagwira ntchito ndi chimene chili ndi tsiku laposachedwa, bola chinafika nthawi isanathe.

5. Yankhani funso limene limagawanitsa anthu: kodi otuma anzawo amawerengedwa pa kworamu?

Magulu ena amawerenga okhawo amene akhala pa mpando m'chipindamo. Ena amawerenga ndi zikalata zomwe. Njira zonse ziwiri zilipo ndipo iliyonse ili ndi chifukwa chake, koma kalata yanu iyenera kunena imodzi, motsatira mawu a malamulo anu. Ngati malamulo amati "mamembala opezekapo" n'kulekera pomwepo, werengani obwera okha. Ngati amati "opezekapo kapena otuma anzawo", werengani zonse.

Onani mmene zimasinthira zinthu pa gulu lathu lija la ovota 41 ndi kworamu ya 28. Loweruka lafika, nthawi ndi 9:20 m'mawa, ndipo pa mndandanda wa pakhomo asaina anthu 24. Mmodzi mwa iwo ndi wa oimitsidwa aja. Ali ndi ufulu wokhala ndi kumvetsera, koma sawerengedwa, ndiye tatsala ndi 23. Mlembi ali ndi zikalata 8. Chimodzi chafika m'mawa womwewo, nthawi itadutsa, ndiye chakanidwa. China ndi chachitatu cha mayi amene ali kale ndi ziwiri, ndipo wotuma atauzidwa Lachinayi sanasankhe munthu wina, ndiye nachonso chagwa. Chinanso mwini wake wapeza galimoto n'kubwera, ndipo ali kale m'gulu la 23 aja, choncho simungamuwerenge kawiri. Zikalata zabwino zatsala 5.

Ngati malamulo amawerenga zikalata, 23 kuphatikiza 5 ndi 28, kworamu yakwana ndendende ndipo msonkhano uyambe. Ngati amawerenga obwera okha, 23 sanafike pa 28 ndipo palibe msonkhano. Anthu ndi omwewo, chipinda ndi chomwecho. Tsopano taganizirani funsoli likuyankhidwa m'mawa umenewo, mbali ina ikufuna chisankho chichitike lero chifukwa anthu ake abwera, ina ikufuna chilephereke. Wapampando chilichonse chimene anganene, theka la chipinda lidzati wakondera.

Maganizo anga ndi akuti gulu limene mamembala ake ambiri ali kutali liziwerenga zikalata, koma liikenso malire a anthu oyenera kupezeka ndi thupi, mwachitsanzo gawo limodzi mwa atatu. Popanda malirewa, m'gulu lathuli anthu 10 onyamula zikalata ziwiriziwiri angakwanitse mavoti 30 n'kusintha malamulo a gulu la anthu 41 atakhala pa khonde la munthu mmodzi. Zimenezi si msonkhano waukulu ayi.

Dziwaninso kuti kworamu ikhoza kutha msonkhano uli m'kati. Pa 28 aja, ikakwana 12 koloko mayi mmodzi wonyamula zikalata ziwiri akaitanidwa ku maliro n'kuchoka, mwataya mavoti atatu nthawi imodzi, mwatsala ndi 25. Malamulo ena amangofuna kworamu poyambira, ena amaifuna pa voti iliyonse. Onani anu akuti chiyani, ndipo ngati sanena, werenganinso anthu musanavote pa nkhani iliyonse yaikulu n'kulemba nambalayo m'maminitsi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti lipoti la ndalama, kagawidwe ka phindu ndi chisankho zikhale koyambirira kwa mndandanda, chakudya ndi zolengeza zibwere pambuyo.

Musasokoneze kworamu ndi mavoti opambanira. Kworamu imanena ngati msonkhano ungachitike. Mavoti opambanira amanena ngati mfundo yadutsa. Pa mavoti 28, mfundo wamba imadutsa ndi 15, amene ndi oposa theka. Ngati malamulo anu amafuna magawo atatu mwa anayi posintha malamulo, pafunika 21. Zonsezi zilembedwe m'kalata.

6. Nenani zimene zidzachitike anthu akapanda kukwana

Lembani nthawi yodikira, mwachitsanzo ola limodzi, ndi tsiku la msonkhano wachiwiri. Magulu ambiri amauika sabata yotsatira pa malo omwewo ndi nthawi yomweyo, ndipo malamulo ena amalola kuti pa msonkhano wachiwiriwo amene abwera akhale okwanira. Ngati anu amatero, kalata inene poyera kuti anthu adziwe mtengo wa kujomba. Pa msonkhano wachiwiri musaonjezere mfundo zatsopano, ndipo nenani ngati zikalata za woyamba zigwirebe ntchito.

Anthu akapanda kukwana mukhoza kucheza ndi kumva malipoti, koma musavote, musagawane ndalama, ndipo musachite zija zoti "tingogwirizana pano, enawo adzasaina pambuyo". Siginecha zotoleredwa m'makomo sizisandutsa kukumana kosakwana kukhala msonkhano.

7. Lembani kalatayo

Nachi chitsanzo cha gulu lathu lija. Sinthani manambala ndi ndime kuti zigwirizane ndi malamulo anu.

CHIDZIWITSO CHA MSONKHANO WAUKULU WAPACHAKA

Kwa mamembala onse a gulu la ..............

Motsatira ndime ...... ya malamulo a gulu, mukuitanidwa ku msonkhano waukulu wapachaka umene udzachitike Loweruka pa 12 Disembala 2026, kuyambira 9 koloko m'mawa, ku ..............

Zokambirana:
1. Pemphero ndi kutsimikizira kworamu
2. Kuvomereza maminitsi a msonkhano waukulu wa chaka chatha
3. Lipoti la msungichuma ndi la ofufuza mabuku
4. Kagawidwe ka phindu la chaka chino
5. Mfundo yosintha ndime ...... kuti chiwongoladzanja pa ngongole chitsike kuchoka pa 10 kufika pa 8 peresenti pamwezi
6. Chisankho cha wapampando, mlembi, msungichuma ndi mamembala a komiti
7. Lipoti la wapampando ndi zina zosafuna voti

Kworamu: Pofika lero mamembala oyenera kuvota alipo 41. Motsatira ndime ......, kworamu ndi magawo awiri mwa atatu, amene ndi mamembala 28, kuwerengera opezekapo ndi otuma anzawo ndi chikalata chovomerezeka. Kaundula wa ovota adzatsekedwa pa 5 Disembala, ndipo nambala yomaliza idzalengezedwa pa 6 Disembala. Kworamu ikapanda kukwana pofika 10 koloko, msonkhano udzasunthidwira pa 19 Disembala, malo ndi nthawi zomwezo.

Kuvota: Membala aliyense ali ndi voti imodzi. Mfundo 2, 3 ndi 4 zidzadutsa ndi mavoti oposa theka. Mfundo 5 ifunika magawo atatu mwa anayi. Pa chisankho adzapambana ndi amene wapeza mavoti ambiri.

Kutuma mnzanu: Ngati simungathe kubwera, mukhoza kutuma membala mnzanu woyenera kuvota pogwiritsa ntchito fomu imene ili kuseri kwa kalatayi. Munthu mmodzi asanyamule mafomu oposa awiri. Fomu ifike kwa mlembi pofika Lachinayi pa 10 Disembala, 9 koloko m'mawa. Mukabwera nokha, fomu yanu sidzagwira ntchito.

Mwa chilolezo cha komiti,
.............. Mlembi
Tsiku: 18 Novembala 2026

Taonani mfundo 5. Sinalembedwe kuti "kukambirana za chiwongoladzanja" chabe, yanena nambala yakale ndi yatsopano. Nkhani iliyonse yokhudza ndalama za anthu, kusintha malamulo kapena kuchotsa munthu pa udindo ilembedwe chonchi, ndi mawu omwewo amene adzavoteredwe. Pa "zina" musalole voti yamtundu uliwonse, chifukwa amene sanabwere ndi amene anatuma anzawo sanachenjezedwe za nkhaniyo. Pamodzi ndi kalata tumizani maminitsi a chaka chatha, chidule cha lipoti la ndalama, ndi maina a opikisana ngati malamulo anu amafuna kuti aperekedwe msonkhano usanafike.

Fomu ya kuseri ikhale yaifupi:

Ine .............., membala nambala ......, ndikutuma .............., membala nambala ......, kuti andivotere pa msonkhano waukulu wa pa 12 Disembala 2026 komanso ngati usunthidwa.
Mfundo 2: ndikuvomereza / ndikukana / asankhe yekha
Mfundo 3: ndikuvomereza / ndikukana / asankhe yekha
Mfundo 4: ndikuvomereza / ndikukana / asankhe yekha
Mfundo 5: ndikuvomereza / ndikukana / asankhe yekha
Mfundo 6: avotere .............. / asankhe yekha
Siginecha kapena chidindo cha chala: ...... Tsiku: ......
Mboni: ..............

Musavomereze fomu imene malo a dzina la wotumidwa ali opanda kanthu. Fomu yotero aliyense amene waigwira akhoza kulembapo dzina lake.

8. Tsiku la msonkhano, khalani pakhomo

Fikani msanga ndi tebulo laling'ono, kaundula wa ovota ndi mafomu amene mwatsimikizira kale. Aliyense wolowa asaine pa dzina lake. Wovota aliyense mumupatse kakhadi kamodzi, ndipo wotumidwa mumuonjezere kakhadi ka mtundu wina pa fomu iliyonse imene wanyamula. Ine ndimadula mapepala olimba, oyera a obwera okha ndi achikasu a zikalata. Povota anthu amakweza makhadi m'malo mwa manja, ndipo owerenga mavoti savutika kukumbukira kuti mayi uja ali ndi mavoti atatu. Pa chisankho chachinsinsi, khadi lililonse limasinthanitsidwa ndi pepala limodzi lovotera. Wochoka msonkhano usanathe asiye makhadi ake patebulo lanu, osapatsa woyandikana naye, ndipo inu mudziwa nthawi yomweyo kuti mwatsala angati.

Pemphero likatha, wapampando akufunseni pamaso pa onse, ndipo inu muyankhe mokweza kuti, "A wapampando, oyenera kuvota alipo 41, kworamu ndi 28. Opezekapo ndi 23, mafomu ovomerezeka ndi 5, onse pamodzi 28." Tchulani maina a otuma ndi otumidwa, komanso mafomu amene akanidwa ndi chifukwa chake, kuti wodandaula adandaule nthawi yomweyo voti isanayambe. Manambala omwewo ndi nthawi imene mwawerenga zilowe m'maminitsi. Mafomu onse, ngakhale okanidwa, amangeni pamodzi ndi mndandanda wa pakhomo ndi kope la kalata, n'kuwasunga m'faelo ya gulu mpaka maminitsiwo adzavomerezedwe pa msonkhano waukulu wa chaka chamawa.